Khoma Limene Ndinapaka Ndekha

Nditapuma ntchito yauphunzitsi, ine ndi mkazi wanga tinasamukira m'nyumba yathu yosatha ku Kalindawalo, kunja pang'ono kwa Petauke. Malata analipo, zitseko zinalipo, koma mkati makoma anali a njerwa zokhazokha. Ukatsamira khoma, malaya ankatuluka ofiira kumsana. Tinakhala choncho zaka ziwiri osadandaula, mpaka mwana wathu wamkazi atatiuza kuti abale a mnyamata womufunsira akubwera kuchokera ku Msanzala kumapeto kwa Okutobala kudzaonana nafe. Mkazi wanga anayang'ana makoma a pabalaza, n'kuyang'ananso ine, ndipo ndinadziwa kuti ndapatsidwa ntchito.

Mmisiri sitinamufune kutali. Mng'ono wake wa mkazi wanga ndi womanga nyumba. Anaphunzira ntchitoyi kusukulu ya zaluso, amakhala ku Nyimba, ndipo kumeneko amuna ambiri amene ankamuseka poyamba tsopano amamuyendetsera wilibala. Ineyo ndinkamudziwa ali kamtsikana kothawa homuweki, choncho mumtima mwanga ankakhalabe kamtsikana komweko, ngakhale kuti tsopano anali ndi imvi ziwiri zitatu komanso manja olimba kuposa anga.

Anafika Lolemba, atavala ovolosi. Anazungulira pabalaza akukhudza njerwa, n'kunena kuti ntchito ya chipinda chimenecho yokha ifuna masabata atatu.

“Masabata atatu chipinda chimodzi?” ndinatero ine. “Mukufuna kumanga china?”

“Alamu, pulasitala ni kawili,” anayankha. “Woyamba wogwila njelwa na kuwongola khoma, wachiwili wosalaza. Pakati pake pafunika kulindila.”

Ndinangogwedeza mutu, ngati mmene ndinkachitira mwana akapereka yankho lalitali lobisa ulesi.

Masiku anayi oyamba ndinakhala pampando ndi kuonerera. Kunena zoona, zimene ndinkaona zinkandikwiyitsa. Tsiku loyamba lonse sanapake pulasitala ngakhale fosholo imodzi. Ankangosesa makoma ndi bulashi yolimba, kugwetsa matope ouma amene anatsalira m'mizere ya njerwa, ndi kuchotsa zisa za mavu m'ngodya. Kenaka anathira madzi makomawo mpaka njerwa zinasintha mtundu. Pa konkire yosalala ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo anawazapo simenti yamadzimadzi yosakaniza ndi mchenga wokhakhala, n'kuisiya yaziphuphu choncho kuti iume. Mchenga anasefa wonse. Nditafunsa kuti ntchito yeniyeni iyamba liti, anati, “Iyi ndiye nchito yeniyeni, alamu.”

Pofika Lachinayi anali atapaka pulasitala woyamba pa makoma atatu. Atauma pang'ono, anatenga kathabwa kokhomedwa misomali n'kukanda makoma onsewo mizere yopingasa. Ndinaimirira pampando.

“Mwawononga zimene mwasalaza nokha!”

“Wachiwili adzagwila pati ngati pali posalala?” anatero, osacheuka n'komwe.

Madzulo a tsiku lomwelo anamuimbira foni kuchokera ku Nyimba. Sitolo ina imene ankamanga kumeneko inafika pothira konkire, ndipo eni ake sankafuna kuti ithiridwe iye palibe. Anati adzabwera pakatha sabata imodzi, ndipo nthawi imeneyo siyotayika chifukwa makoma atatuwo ankafunika kudikira ndithu. Anatisiyira lamulo limodzi, lakuti tiziwaza madzi makomawo m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, ndipo mawindo akhale otchinga ndi masaka kuti mphepo yotentha isalowe. Khoma lachinayi, lakumadzulo, loyang'anizana ndi khomo lolowera, anati tisalikhudze.

Lachisanu m'mawa ndinakhala ndikuyang'ana khoma limenelo. Ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu. Ndinkadziwa dzina la chilichonse chimene chili mu simenti. Ndinali nditaonerera ntchitoyo masiku anayi athunthu, ndipo ndinali nditapeza kale malo anayi kapena asanu amene mlamu wanga ankataya nthawi pachabe. Ndinauza mkazi wanga kuti khomalo ndilimaliza ndekha, pulasitala mmodzi wonenepa, lero lomwe, kuti mng'ono wake akabwera adzaone kuti sukulu ndi sukulu.

Mkazi wanga ankasenda mtedza pakhonde. Sanakweze mutu. Anangoti, “Mwadya kale?”

Mchenga wosefa unali utatsala pang'ono, choncho ndinakatapa wina kudambo kuseri kwa munda wathu. Unali wofewa, wosalala bwino m'manja ngati ufa, ndipo ndinadabwa kuti mlamu wanga anaulambalala bwanji n'kukagula wakumtsinje. Posakaniza, iye ankathira ndowa zisanu za mchenga pa ndowa imodzi ya simenti. Ine ndinaganiza kuti simenti ndiyo mphamvu, tsono ndinathira zitatu pa imodzi. Ndinasakanizanso daka, matope a simentiwo, mulu waukulu kamodzi kuti ndisamabwererebwerere.

Kusesa khoma ndinakudumpha, chifukwa fumbi likanakwiririka ndi pulasitala. Kuthira madzi ndinakudumphanso. Ndinkaganiza motere, ndipo ndikukumbukira kuti ndinadziyamikira nazo: dakayo ali ndi madzi kale, nanga kunyowetsa khoma si kubwereza zinthu? Masaka a pawindo lakumadzulo ndinachotsa kuti ndione bwino ndiponso kuti ntchito yanga iume msanga.

Kuponya daka pakhoma kumaoneka kosavuta ukakhala pampando. Mlamu wanga ankangopinda dzanja pang'ono, daka n'kumamatira pakhoma, phwa, phwa. Wanga woyamba unandibwerera kumaso. Wachiwiri unagwera pa nsapato. Ndinasiya kuponya, n'kuyamba kupaka pang'onopang'ono ngati batala pa buledi. Khomalo linali lopindika pakati, moti pamalo ena ndinaunjika daka wonenepa ngati zala zitatu. Penapake ankatsetsereka n'kupanga mimba, ine n'kumubweza ndi chikhatho. Pofika masana, mulu wa daka uja unayamba kulimba pansi. Ndinauthira madzi, n'kuutakasanso, n'kupitiriza. Pomaliza ndinatenga chipande chachitsulo n'kusita khoma lonse mobwerezabwereza mpaka linawala.

Dzuwa likupendeka ndinaitana mkazi wanga. Msana unali utauma, zala zitasupuka ndi simenti, koma khoma langa linali losalala, lonyezimira, pakati pa makoma atatu okandikakandika a mmisiri wa ku Nyimba.

“Mwaona?” ndinatero.

“Naona,” anayankha, n'kubwerera ku mtedza wake.

Ndinajambula khomalo pafoni n'kutumizira mlamu wanga. Anayankha ndi funso limodzi lokha: “Munathila madzi?” Ndinamulembera kuti sayansi yake tidzakambirana akabwera.

Loweruka m'mawa ndinapeza timizere tating'ono pakhoma, topyapyala ngati tsitsi. Ndinati ndi mmene pulasitala amaonekera akamauma. Lamulungu titabwera kutchalitchi, timizereto tinali titalumikizana, khoma lonse likuoneka ngati pansi pa dambo louma. Pakati paja, pamene ndinaunjika kwambiri, panali mng'alu wolowa chikhadabo. Lolemba ndinasungunula simenti m'kapu n'kumata ming'aluyo ndi chala. Lachiwiri inatsegukanso, ndipo tsopano inkaoneka bwino kwambiri chifukwa ndinali nditaijambula ndekha ndi simenti yakuda. Ndinakokera kabati kutsogolo kwa mng'alu waukuluwo. Mkazi wanga podutsa anafunsa ngati tasintha malo a kabati, ine ndinati ndikungoyesa.

Mlamu wanga anafika Lachisanu. Anapereka moni, anamwa madzi, n'kulowa pabalaza. Anayamba wayendera makoma ake atatu, n'kuyamikira mkulu wake kuti anawathirira bwino. Kenaka anakankha kabati uja ndi phewa, n'kuimirira patsogolo pa khoma langa nthawi yaitali.

“Kuwala kwawala,” anatero.

“Ming'alu ndi yapamwamba chabe,” ndinafulumira kunena. “Penti idzabisa.”

“Alamu, muli na choko?”

Mphunzitsi wopuma sasowa choko. Ndinamupatsa. Anatenga kanyundo kakang'ono n'kuyamba kugogoda khoma lake limodzi, mopepuka. Linkalira mwamphamvu, ngati ukugogoda mwala. Anasamukira ku khoma langa. Pangodya linalira chimodzimodzi, ndipo ndinapuma. Atasuntha dzanja pang'ono, kulirako kunasintha: gubu, gubu, ngati chidebe chopanda kanthu.

“Mwamva?”

“Ndamva pang'ono.”

“Apa pulasitala sanagwile njelwa. Kumbuyo kwake kuli mphako. Lelo ali chiimile, koma tsiku lina wina adzamenyetsa chitseko, chigamba chonse ichi chidzagwela m'mbale ya alendo.”

Anazunguliza malowo ndi choko. Anagogodanso, n'kuzungulizanso. Ine ndinaima kumbuyo kwake manja ali kumsana, ndikuwerenga. Moyo wanga wonse ndakhala ndikulemba ziro m'makope a ana a eni, koma sindinaonepo ziro zazikulu ngati zimenezo. Zinakwana khumi ndi zinayi, ndipo zina zinakhudzana.

Sanandinyoze, ndipo chimenecho ndiye chinandiwawa kwambiri. Anangondifunsa mafunso, limodzi limodzi, ine n'kumayankha ngati mwana wogwidwa ndi mango m'thumba. Ndinasesa khoma? Ayi. Anatenga chizulo n'kutema chigamba chimodzi. Chinagwa chathunthu ngati chigumu, n'kundionetsa kumbuyo kwake. Kunali fumbi lofiira lokhalokha, ndipo njerwa inatsala yoyera bwino ngati sinakhudzidwepo.

“Munapaka pa fumbi, osati pa njelwa,” anatero. “Ndipo njelwa youma ili na ludzu, alamu, makamaka mwezi uno. Imamwa madzi onse a m'daka simenti isanagwile. Ndiye chifukwa timaipatsa madzi ake poyamba.”

Anafinya m'mphepete mwa chigambacho, pomwe panakhudza njerwa, ndipo panafumbutuka m'zala zake. Kenaka anafunsa za mchenga. Nditamuonetsa wakudambo uja, anathira pang'ono m'botolo, n'kudzaza madzi, n'kukhutchumula, n'kuliimika pawindo. Patapita kanthawi mchenga unakhala pansi, koma madzi anatsala amatope, ndipo pamwamba pa mchengawo panayamba kukhala dothi lochindikala.

“Dothi likauma limafota, pulasitala n'kung'aluka. Simenti yambili imafotanso. Kunenepa kwambili pa ulendo umodzi, chimodzimodzi, ndipo kulemela kwake kumamukokela pansi. Daka wolimba kale mukamuthila madzi, mphamvu yake yapita. Windo munatsegula. Chitsulo munasita nacho mpaka simenti yonse yakwela pamwamba.” Anaima kaye, akuwerenga zala zake. “Alamu, ine ana a sukulu nawaphunzitsapo nchito, koma sindinaonepo munthu wochita zonse pa khoma limodzi.”

Mkazi wanga, amene anaima pakhomo, anatuluka msangamsanga. Ndinamumva akutsokomola kuseri kwa nyumba, kutsokomola kwachilendo kosatha.

Ndinafunsa ngati tingangokonza malo a ziro okhawo. Anati pakanakhala pawiri kapena patatu, akanatema mozungulira mpaka pofika polimba n'kuika zigamba, koma pano daka yenseyo ndi wolakwika, tsono lonse ligwe. Anandipatsa nyundo ndi chizulo. Kupaka kunanditengera tsiku limodzi, kugumula kunanditengera masiku awiri ndi theka, chifukwa malo ochepa amene anagwira, anagwira ndi simenti yanga yambiri ija. Aneba odutsa ankasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, mwasintha maganizo?” Ndinkayankha kuti tikuyesa mphamvu ya njerwa.

Khoma litayera, mlamu wanga anandipatsa bulashi. Ndinasesa njerwa iliyonse. Ndinathira madzi madzulo, n'kuwazanso m'mawa mwake. Nditafuna kuwonjezera kuti ndionetse khama, anandigwira dzanja. Khoma liyenera kukhala lachinyezi, osati lochucha, chifukwa pa madzi oyenderera daka amatsetsereka. Pamalo opindika paja anayamba wadzaza pang'ono, n'kukanda, n'kusiya kuti palimbe mpaka tsiku linzake. Kenaka anamata timilu ta daka apa ndi apo, akuyeza ndi levulo, chida choonera ngati khoma lawongoka, kuti thabwa lake lalitali liziyenda pa timiluto n'kudula daka mofanana paliponse. Pulasitala woyambayo sanapitirire kunenepa kwa chala chimodzi.

Ine ntchito yanga inali yosakaniza, ndowa zisanu pa imodzi, pang'onopang'ono, wongokwanira ola limodzi. Anandiphunzitsanso kuponya. Anati daka aponyedwe kapena akanikizidwe mwamphamvu kuti alowe m'mizere ndi m'timaenje ta njerwa, osasiya mpweya kumbuyo. Ndinayesa pangodya yapansi, kuseri kwa pomwe padzakhale mpando. Ulendo wachisanu ndi chiwiri daka anamatira. Ndinacheuka kuti ndione ngati wina waona, koma mlamu wanga ankayang'ana levulo yake. Pulasitala atauma pang'ono, anandipatsa kathabwa ka misomali kaja, ndipo ndinakanda khoma lonse ndekha, mizere yowongoka ngati ya m'kope.

Makoma atatu aja anali atauma mokwanira, atafota kufota kwawo konse, choncho anawawaza madzi pang'ono n'kuwapaka pulasitala wachiwiri, wopyapyala, wa mchenga wosefa bwino, simenti yosaposa ya woyamba. Anasalaza ndi thabwa, mozunguliza, osati ndi chitsulo. Makomawo anatuluka bwino kwambiri moti ndinachita manyazi kuwayang'ana. Koma khoma lachinayi linali litatsalira m'mbuyo chifukwa cha ine, ndipo alendo ankabwera Loweruka lomwelo.

Lachisanu ndinamuchonderera. “Alamu, pakani wachiwiri lero. Papita masiku awiri kale.”

“Iyai. Woyamba akali kufota. Nikapaka lelo, ming'alu yake idzatulukila pamwamba. Mufuna tigumule kachitatu?”

“Kachiwiri,” ndinamukonza.

“Na imwe sitidziwa,” anatero.

Alendo anafika anthu asanu, otsogoleredwa ndi amalume ake a mnyamatayo, bambo wamtali wolima thonje. Tinawakhazika pabalaza. Aliyense wolowa pakhomo ankayamba waona khoma lakumadzulo, lakuda ndi chinyezi, lokandikakandika kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinali nditakonza bodza labwino lonena za kuchedwa kwa mchenga wakumtsinje. Moni utatha, amalumewo anayang'ana khomalo, n'kuyang'ana makoma atatu osalala, n'kufunsa kuti, “Bambo, nanga ili linakana?”

Ndisanatsegule pakamwa, ndinaona mlamu wanga ataima pakhomo la kukhitchini, atavala chitenje, thireyi ya makapu ili m'manja, akundiyang'ana mwachidwi ngati munthu wodikira nkhani yosangalatsa. Bodza lija linathawa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira mchenga wakudambo mpaka ziro khumi ndi zinayi. Azimayi awiri amene anabwera nawo anabisa nkhope m'zitenje.

Amalumewo sanaseke msanga. Anafunsa kaye kuti, “Linagwa lokha kapena munagumula?”

“Tinagumula.”

“Ndiye muli na mwayi. Langa linagwa lokha.” Anafotokoza kuti zaka zingapo m'mbuyomo nayenso anapaka yekha chipinda chogona, pa njerwa zouma, ndipo m'mawa wina chigamba chachikulu ngati lichero chinagwera pabedi mkazi wake atangodzuka kumene. Anati mpaka pano akafuna kukhoma ngakhale msomali, amayamba wapempha chilolezo. Apo ndiye tonse tinaseka, ndipo nkhani imene anabwerera inayenda mosavuta kuposa mmene ndinkaopera. Potsanzikana anatenga nambala ya foni ya mlamu wanga, ati nkhokwe yake ya thonje ikufuna mmisiri. Yanga sanafunse.

Tinapitiriza kuwaza madzi khomalo masiku ena angapo, kenaka tinalisiya kuti liume. Mlamu wanga anabweranso sabata inzake n'kupaka wachiwiri m'mawa umodzi wokha. Patapita masiku, asanakwere basi ya ku Nyimba, anandipatsa kanyundo kaja kuti ndigogode ndekha. Ndinayambira pangodya ina mpaka inzake, kukwera pampando, kugwada pansi, khutu lili pakhoma. Paliponse linalira ngati mwala, ngakhale pangodya yapansi paja ndinaponya ine.

Zipinda zogona tinapaka chaka chotsatira, mvula itatha. Ndinasesa, ndinathira madzi, ndinasefa, ndinasakaniza, ndinakanda. Pomaliza mlamu wanga anandilola kupaka ndekha khoma limodzi lonse, kawiri, m'kachipinda kosungiramo matumba a chimanga. Lili ndi kamimba pang'ono kumanzere, koma mng'alu palibe. Alendo akabwera ndimawaitanira kumeneko kuti akalione, ndipo ambiri amapita chifukwa cha ulemu. Mkazi wanga amangondikumbutsa kuti potuluka nditseke chitseko, nkhuku zingalowe.